Makiyubu a konkire akalephera: kalembedwe ka lipoti la NCR

Pepala la ku labu likabwera ndi manambala otsika a mphamvu ya makiyubu oyesera konkire, pasaiti pamayamba kulozana zala. Kapitawo amati simenti inali yogonera, wamikisa amati mchenga unali ndi dothi, wina amati makina a ku labu ndi otha. Lipoti la NCR, lonena za ntchito imene sinakwaniritse zofunika pa kontilakiti, limalembedwa kuti nkhani ichoke pakamwa ipite papepala, ndipo limayankha mafunso atatu motsatana: chachitika n'chiyani, chachititsa n'chiyani, ndipo tichitapo chiyani. Malipoti ambiri amene injiniya amabweza amakhala kuti asakaniza mafunso atatuwa m'ndime imodzi. Pano titsatira chitsanzo chimodzi kuyambira pamene zotsatira zafika mpaka pamene lipoti latsekedwa.

Chitsanzo chathu ndi ichi. Nyumba ndi ya nsanjika imodzi. Pa 6 Januwale anathira mapilala asanu ndi limodzi a pansi, B1 mpaka B6, lililonse la mamilimita 300 mbali zonse. Konkire ndi ya giredi 25, kutanthauza mphamvu ya 25 MPa pa masiku 28, yosakaniza pasaiti pomwepo ndi mikisa ya thumba limodzi. Makiyubu a mamilimita 150 anaumbidwa asanu ndi limodzi: atatu oti aswedwe pa masiku 7, atatu pa masiku 28.

1. Tsimikizani kuti yalepheradi

Musanatenge fomu, tsegulani buku la zofunika pa kontilakiti, muwerenge ndime ya konkire. Kulephera kumayezedwa ndi ndime imeneyo, osati ndi maganizo a munthu. Giredi 25 sikutanthauza kuti kiyubu iliyonse yotsika pa 25 yalakwa. Makontilakiti ambiri otsatira malamulo akale a ku Britain kapena a ku South Africa amalola kuti chotsatira chimodzi chitsike ndi 3 MPa, bola avereji ya zotsatira zingapo zotsatizana ikhale pamwamba pa giredi. BS EN 206 imalola kutsika ndi 4 MPa pa chotsatira chimodzi. Chenjeraninso ndi kalembedwe ka C25/30: apa nambala ya kiyubu ndi 30, osati 25. Anthu amasangalala ndi 26 MPa kumene kumafunika 30.

Werengetsaninso nokha manambala a labu. Mphamvu ndi katundu amene anaswa kiyubu kugawa ndi kukula kwa nkhope yake:

```
150 x 150 = 22 500 mm²
440 000 N / 22 500 = 19.6 MPa
452 000 N / 22 500 = 20.1 MPa
428 000 N / 22 500 = 19.0 MPa
```

Avereji ndi 19.6 MPa. Kontilakiti yathu imati chotsatira chimodzi chisatsike pa 22 MPa. Ndiye palibe zokambirana, yalephera, ndipo yalephera ndi zambiri.

2. Imitsani ntchito pamalo okhudzidwa, tsiku lomwelo

Lipoti lathunthu lingatenge milungu, koma kuimitsa sikudikira. M'chitsanzo chathu mashatala ndi zitsulo za silabu zaikidwa kale pamwamba pa mapilalawa, ndipo kuthira kumayenera kuchitika Lachisanu. Lembani chizindikiro cha penti yofiira pa B1 mpaka B6, uzani kapitawo kuti silabu isathiridwe, mitengo yochirikiza isachotsedwe, ndipo matumba a simenti kapena njerwa zisaunjikidwe pamwamba. Dziwitsani injiniya polemba, osati pafoni pokha. Kenako tsegulani NCR m'kaundula, muipatse nambala ndi tsiku.

Silabu ikathiridwa, pilala loti likanagumulidwa ndi anyamata awiri tsiku limodzi limasanduka ntchito ya majeki ndi ndalama zambiri. N'chifukwa chake gawo limeneli limayamba ngakhale chifukwa chisanadziwike.

3. Lembani zimene zachitika, zokhazo basi

Gawo loyamba la fomu ndi la mfundo zoti aliyense angathe kuzipeza papepala lina. Liyenera kunena malo enieni a konkire, tsiku lothira, kuchuluka kwake, giredi yofunika, nambala za makiyubu, tsiku loswa, nambala ya setifiketi ya labu, zotsatira, ndi ndime ya kontilakiti imene yaphwanyidwa. Mafomu ambiri kwathu kuno amadzazidwa m'Chingerezi, koma mfundo zake n'zomwezi. Zingamveke chonchi:

"Mapilala B1 mpaka B6, a pansi, anathiridwa pa 6 Januwale ndi konkire ya giredi 25 yosakaniza pasaiti, pafupifupi kiyubiki mita imodzi ndi theka. Makiyubu K31, K32 ndi K33 anaswedwa pa 3 Febuluwale ali ndi masiku 28 ndipo anapereka 19.6, 20.1 ndi 19.0 MPa, avereji 19.6 MPa. Kontilakiti imafuna kuti chotsatira chimodzi chisatsike pa 22 MPa. Makiyubu a masiku 7 a konkire yomweyi, oswedwa pa 13 Januwale, anapereka avereji ya 13.1 MPa. Silampu, muyeso wa kufewa kwa konkire, yolembedwa pa tsiku lothira inali mamilimita 150, pomwe yovomerezeka ndi 75, yololedwa kusuntha ndi 25."

Onani kuti mulibe mawu akuti "chifukwa", mulibe "mwina", mulibe dzina la munthu wolakwa. Mulibenso mawu ofewetsa monga "yatsika pang'ono". Nambala inene yokha. Mukalemba m'gawo lino kuti "makiyubu sanasungidwe bwino", mwagamula mlandu musanafufuze, ndipo injiniya wodziwa ntchito aona kuti mukuthamangira kupulumutsa mapilala.

Chotsatira cha masiku 7 musachibise, ngakhale chikuchititsa manyazi saiti. Konkire ya simenti wamba imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake pa tsiku la 7, ndiye giredi 25 imayenera kuonetsa 16 kapena 17 kupita m'mwamba. Nambala ya 13.1 inali chenjezo lomveka, ndipo inakhala mufayilo milungu itatu. Imeneyo ibweranso pa gawo la chifukwa.

Chovuta kwambiri pa gawo lino nthawi zambiri ndi funso looneka lophweka: makiyubu amenewa akuimira konkire iti? Ngati kaundula wa makiyubu amangonena kuti "mapilala", osatchula nambala, ndiye mapilala onse othiridwa sabata imeneyo ali pamlandu. Lamulo lodziwika ndi lakuti konkire yokayikitsa ndi yonse imene ili pakati pa sampulo yapitayo imene inakhoza ndi sampulo yotsatira imene inakhoza. Jambulani kachidutswa ka pulani, muzunguze malowo ndi cholembera, muphatike pa lipoti.

4. Funsani kaye: yalakwa ndi kiyubu kapena ndi konkire?

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Kiyubu ikhoza kutsika konkire ya m'pilala ili bwino, chifukwa pafupifupi cholakwika chilichonse poumba, posunga ndi poswa chimatsitsa nambala, sichikweza. Tsatirani moyo wa kiyubu kuyambira pa mikisa.

Yambani ndi kulemera, popeza labu imalemba kale pa setifiketi. Kiyubu ya mamilimita 150 yotsinidwa bwino imalemera pafupifupi makilogalamu 8.1, kufanana ndi makilogalamu 2 400 pa kiyubiki mita. Ikalemera 7.5, muli mpweya wambiri mkati, ndipo mpweya wa 1 peresenti umadya mphamvu pafupifupi 5 peresenti. Kiyubu yotero imaoneka ndi maso: m'mbali mwake muli timabowo ngati chisa cha njuchi, ndipo m'makona miyala ili pamtunda. Imayenera kudzazidwa m'magawo atatu a mamilimita 50, gawo lililonse n'kulisinja ndi chitsulo chake cha makona anayi maulendo 35 malinga ndi lamulo lakale la BS 1881, osati kungogwedeza chikombole ndi phazi. Makiyubu athu analemera 8.05, 8.10 ndi 8.02. Anasinjidwa bwino.

Onani kusiyana kwa makiyubu atatuwo. Akasiyana kwambiri, kupitirira 15 peresenti ya avereji yawo, BS EN 206 imati chotsatiracho n'chokayikitsa, ndipo vuto limakhala poumba kapena poswa. Athu asiyana ndi 1.1 MPa yokha pa 19.6, osafika 6 peresenti. Makiyubu atatu akugwirizana, ndipo akugwirizananso ndi a masiku 7.

Kenako pitani pa thanki. Musafunse, pitani mukaone. Kiyubu imayenera kugona m'chikombole yophimbidwa ndi chiguduli chonyowa, pamthunzi, posagwedezeka, n'kutulutsidwa mawa lake n'kumizidwa m'madzi mpaka tsiku loswa. Malamulo a ku Ulaya amati madziwo akhale pa madigiri 20, kusuntha ndi awiri okha. Pasaiti zambiri thanki ndi mgolo wodula pakati, ndipo anyamata amatungamo madzi osambira m'manja mpaka makiyubu a pamwamba atatuluka mitu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi a mumgolo wa panja amazizira usiku, makamaka kumalo okwera ngati Dedza ndi Mzuzu, ndipo mphamvu imachedwa kukwera. Funsaninso za ulendo wa ku labu: kiyubu yogubuduzika kumbuyo kwa pikapu imafika yothyoka makona.

Pomaliza labu. Pemphani setifiketi yosonyeza kuti makina anayezedwa m'chaka chomwechi. Funsani ngati kiyubu inapanidwa pa nkhope zosalala za m'chikombole, osati pa nkhope yosalaza ndi chipande. Ngati zidutswa zilipo, zioneni: kiyubu yosweka bwino imagumuka mbali zonse zinayi mofanana, n'kutsala yoonda pakati. Ikang'ambika mbali imodzi yokha, inaikidwa mopendekeka kapena chikombole chinali chopindika. Muli pomwepo, tengani chidutswa m'manja. Ngati miyala yatuluka yathunthu, yosasweka, ndipo matope ake akunyenyeka ndi chala, ofooka ndi matopewo, ndipo maso anu atembenukire ku madzi ndi simenti.

M'chitsanzo chathu zonsezi zili bwino. Lembani zimenezo m'lipoti, chimodzichimodzi, ndi umboni wake. Chimene mwachotsa pamndandanda n'chofunika mofanana ndi chimene mwapeza.

5. Pezani chifukwa chenicheni

Tsopano bwererani pa tsiku lothira. Tengani dayale ya saiti, fomu yothirira, malisiti a simenti, ndipo mukhale pansi ndi wamikisa ndi kapitawo, aliyense payekha, mwaulemu. Funso lakuti "Achimwene, tandifotokozereni mmene munkathirira madzi tsiku lija" limatulutsa zambiri kuposa lakuti "ndani anawonjezera madzi?"

Zoyenera kuziona n'zodziwika. Simenti inali ya 42.5 monga mmene anayesera posankha kasakanizidwe, kapena inabwera ya 32.5 yocheperako mphamvu? Inali ndi mibulu yosaphwanyika ndi chala? Mchenga unachokera kumene unkachokera kale, kapena lole ina inabwera ndi wa kudambo wodzadza dothi? Botolo loonekera mkati, mchenga, madzi ndi mchere pang'ono zimakuuzani pakatha maola atatu. Ankayeza ndi bokosi loyezera, kapena ndi wilibala yodzaza mosiyanasiyana? Koma kawirikawiri mlandu umathera pa madzi.

Dayale ikusonyeza kuti usiku wa pa 5 Januwale kunagwa mvula yambiri, ndipo mulu wa mchenga unali wosaphimba. Kasakanizidwe kovomerezeka kamafuna malita 27 a madzi pa thumba la makilogalamu 50, ndi mchenga wouma pafupifupi makilogalamu 100. Mchenga wonyowa ndi mvula ukhoza kusunga madzi okwana 6 peresenti, amene ndi malita 6 olowa mumikisa osaoneka. Wamikisa anathira malita 27 ake a masiku onse. Kenako othira anadandaula kuti konkire sikutsika bwino pakati pa zitsulo, vaibureta inali itafa m'mawa womwewo, ndiye anawonjezera kachidebe ka malita 5 pa thumba lililonse.

```
27 / 50 = 0.54
(27 + 6 + 5) / 50 = 0.76
```

Manambalawa ndi madzi kugawa ndi simenti, ndipo kuchoka pa 0.54 kufika pa 0.76 n'kokwanira kugwetsa konkire ya giredi 25 kufika pa 19 kapena 20. Silampu ya 150 ikuchitira umboni nkhani yomweyi. Manambala akagwirizana chonchi, chifukwa chanu chili ndi miyendo.

Koma musaime pa "madzi anachuluka", ndipo musalembe "kusasamala kwa wamikisa". Chifukwa chotero sichikonzeka. Mukamuchotsa ntchito, wobwera adzachita zomwezo mvula ikadzagwanso. Pitirizani kufunsa. Bwanji madzi sanachepetsedwe? Chifukwa pa mikisa panalibe malangizo a mchenga wonyowa, ndipo palibe amene anayeza chinyezi. Bwanji konkire ya silampu 150 inathiridwa? Chifukwa kalaliki woyeza ankangolemba nambala, sanapatsidwe mphamvu yokana. Bwanji ntchito inapitirira popanda vaibureta? Chifukwa inalipo imodzi yokha. Bwanji chenjezo la masiku 7 silinaoneke? Chifukwa palibe amene anapatsidwa udindo wowerenga zotsatira zikafika. M'lipoti mulembe chifukwa chapafupi m'chiganizo chimodzi, kenako zifukwa za pansi zinayizi, chilichonse ndi pepala kapena umboni wake. Ngati china simunachitsimikize, mwachitsanzo chinyezi cha mchenga chimene palibe anayeza tsikulo, nenani kuti 6 peresenti ndi kuyerekeza, ndipo munene kumene mwakutenga.

6. Yezani konkire imene ili m'pilala

Kiyubu imanena za konkire imene inatuluka mumikisa. Injiniya akufuna kudziwa za imene yaima m'nyumba. Njira yoyamba ndi hamala ya Schmidt, imene imagunda pakhungu la konkire n'kuwerenga kudumpha kwake. Ndi yabwino poyerekeza mapilala okayikitsa ndi ena amene makiyubu awo anakhoza, kuti mudziwe ofooka kwambiri. Koma imangomva khungu, ndipo siyokwanira kuti munthu avomereze pilala.

Umboni womveka ndi kuboola n'kutulutsa kamtanda ka konkire kozungulira, kamene pasaiti timati koo, n'kukaswa ku labu. Wosankha malo ndi injiniya, osati kontilakitala, ndipo mugwirizane polemba musanaboole: angati, pati, labu iti, ndi nambala iti imene idzatengedwe kuti yakhoza. Mukagwirizana zotsatira zitabwera kale, mkangano sutha. Pezani kaye pamene pali zitsulo ndi kachipangizo kozifufuza kuti musazidule. Pa pilala la 300, bowo la mamilimita 100 ndi lalikulu, ndiye injiniya angasankhe la 75 ndi kuchirikiza kaye. Mabowo atsekedwe ndi girauti yosanyala. Dziwaninso kuti koo imatsika kuyerekeza ndi kiyubu ngakhale konkire ili yabwino, popeza pilala silinagone m'madzi masiku 28; n'chifukwa chake ACI 318 ya ku America imavomereza avereji ya makoo atatu ikafika 85 peresenti ya mphamvu yofunika, popanda imodzi yotsika pa 75 peresenti. Lamulo logwira ntchito pa inu ndi limene kontilakiti yanu yatchula.

Tinene kuti makoo athu, atasinthidwa kukhala mphamvu ya kiyubu, apereka 18.9, 19.7 ndi 20.4 MPa. Akutsimikiza zimene makiyubu ananena.

7. Siyanitsani kukonza mapilala ndi kukonza kagwiridwe ka ntchito

Fomu yabwino ili ndi mabokosi awiri apa, ndipo ambiri amadzaza limodzi lokha.

Bokosi loyamba ndi la konkire imene yalakwa kale. Njira zake ndi zitatu: kuivomereza mmene ilili, kuilimbitsa, kapena kuigumula. Kontilakitala amapereka ganizo, koma wogamula ndi injiniya amene anajambula nyumbayo, atawerengetsanso katundu ndi mphamvu yeniyeni imene yapezeka. Kapitawo kapena mwini nyumba sangavomereze pakamwa. M'chitsanzo chathu injiniya wapeza kuti B3 ndi B4, a pakati, amanyamula katundu wambiri ndipo sakukwanira. Agumulidwe n'kuthiridwanso, zitsulo zitsukidwe ndi kuonedwa zisanatsekedwe. Ena anayiwo akukwanira pa katundu, koma konkire ya madzi ambiri imalowa chinyezi msanga ndipo zitsulo zimachita dzimbiri, ndiye alamula kuti apakidwe mankhwala otchinga. Kalata yake ndi mawerengero ake ziphatikidwe pa lipoti. Mawu akuti "tidikire masiku 56 mwina ikwera" amamveka kawirikawiri. Ndi simenti yosakaniza ndi phulusa la malasha imakweradi ndithu, koma kuchoka pa 19.6 kufika pa 25 musayembekezere, ndipo kudikirako kufunanso chilolezo cha injiniya.

Bokosi lachiwiri ndi loti zisadzachitikenso, ndipo mzere uliwonse uyankhe chifukwa chimodzi cha pa gawo 5, ukhale ndi udindo wa wochita ndi tsiku lomaliza. "Ogwira ntchito achenjezedwa" si yankho. Yankho ndi lotere: mulu wa mchenga uziphimbidwa ndi pulasitiki madzulo aliwonse, woyang'anira sitolo, kuyambira lero. Chinyezi chiziyezedwa m'mawa uliwonse wothira, pokazinga kilogalamu imodzi ya mchenga pa chiwaya n'kuyezanso kulemera, ndipo malita a tsikulo azilembedwa pa bolodi pafupi ndi mikisa. Chidebe cha madzi chikhale chimodzi, chobooledwa pa mzere woyenera kuti chisadzaze kupitirira. Silampu ikapitirira 100, kalaliki ali ndi mphamvu yokana popanda kufunsa munthu, ndipo zimenezi zalembedwa ndi kusainidwa ndi mkulu wa saiti. Kuthira kusayambe popanda vaibureta yachiwiri yoyesedwa. Zotsatira za masiku 7 zizisainidwa ndi injiniya wa pasaiti tsiku limene zafika, ndipo zikatsika pa 16 MPa ntchito ya pamwamba pake iziima.

Onjezani mzere wina umene ambiri amaiwala: kodi pali konkire ina yothiridwa m'njira yomweyi? Yang'anani m'dayale masiku ena onse amene munathira mvula itagwa, muone zotsatira zake.

8. Tsekani ndi umboni

NCR sitsekedwa chifukwa mapilala athiridwanso. Imatsekedwa pamene makiyubu a B3 ndi B4 atsopano akhoza pa masiku 28, zithunzi za kugumula, zitsulo ndi mabowo otsekedwa zili mufayilo, ndipo wina amene sanachite nawo ntchitoyo wapita pa mikisa n'kuona kuti bolodi ndi chidebe zikugwiradi ntchito. Ndi bwino kugwirizana ndi injiniya kuti zotsatira zitatu zotsatizana zikhoze musanasaine komaliza. Chilolezo chothira silabu chikhoza kubwera kale, polemba, injiniya akakhutira ndi makiyubu a masiku 7 a mapilala atsopano, koma lipoti likhale lotsegula.

Pomata mafayilo, tsatirani dongosolo la nkhaniyo: setifiketi za labu za masiku 7 ndi 28, fomu yothirira yokhala ndi silampu, tsamba la dayale, pulani yozunguzidwa, setifiketi ya makina a labu, zotsatira za hamala ndi makoo, kalata ya injiniya, kenako zotsatira zatsopano. Asaine wolemba, mkulu wa saiti ndi injiniya, aliyense ndi tsiku lake, ndipo m'kaundula wa NCR mulembe tsiku lotseka pafupi ndi nambala ija munatsegula pa 3 Febuluwale.